Jambulani kaye musanamuopseze

"Pali bambo wina wa m'gulu lathu la WhatsApp amanditumizira zolaula kumbali, ndikamukana amandinyoza pagulu. Ndisunge bwanji umboni woti ndiwaonetse ma adimini komanso ndimuneneze ku WhatsApp?"

Achemwali, chonde musamuuze kuti mukusunga umboni. Ine ndi pamene ndinapusa. Wanga anali wa m'gulu la chipereganyu, bambo wa banja lake, wotsogolera pemphero tikakumana. Usiku wina ananditumizira zinthu zoti sindingazilembe pano. Mtima unandiwawa, ndinamuyankha kuti mawa ndikakuyalutsani kwa ma adimini. Ndinalowa kubafa. Potuluka ndinapeza mizere isanu ndi iwiri yonse ikuti "This message was deleted". Ndinakhala pa bedi ndi chitenje chonyowa, manja akunjenjemera, ndikungoyang'ana foni ngati mamesejiwo abwerera. Paja WhatsApp imalola munthu kufufuta kwa aliyense mpaka pafupifupi masiku awiri, ndiye galu ameneyo anali ndi nthawi yokwanira.

Ndinatsala ndi sikirinishoti imodzi, nayonso yopanda ntchito, chifukwa pamwamba panali dzina limene ndinamusevera ndekha. Adimini wamkulu, mnzake womwa naye, anangoti dzina aliyense atha kulemba. Anandipweteka koma sananame. Ndiye inu tsegulani pomwe pamaoneka nambala yake, mujambule. Mamesejiwo muwajambule molumikiza, mzere womaliza wa chithunzi choyamba uwonekenso pamwamba pa chachiwiri, tsiku ndi ola zikuoneka. Musadule mayankho anu ngakhale munatukwana, chifukwa akatulutsa mbali yakeyo wabodza mudzakhala inu.

Kenako pitani pa Export chat mutumize ku imelo yanu. Mumatuluka fayilo ya macheza onse, mzere uliwonse ndi tsiku lake. Mawu ojambula musangowatumiza kwa mnzanu ndi Forward, amafika osaonetsa mwini wake. Bwerekani foni ina mujambule kanema uku mukuwaseweretsa, nambala ikuoneka. Chimodzimodzi zithunzi za View once, zija sizilola sikirinishoti ndipo zimatseguka kamodzi kokha, foni inayo ikhale yokonzeka musanadine.

Report muidine pomaliza penipeni. Imatumiza ku WhatsApp mameseji ake asanu omaliza okha, osati mbiri yonse, ndiye dikirani nthawi imene omalizawo ndi onyansa aja, kapena dinikizani pa meseji yeniyeniyo muineneze payokha. Muwerengenso bwino zomwe zalembedwa musanavomere, kuopa kufufuta macheza ndi manja anu.

Ma adimini apatseni ndithu, ndi ntchito yawo, koma awiri kapena atatu nthawi imodzi, kumbali, osati kumwaza pagulu. Ngakhale kunena zoona wangayo anachotsedwa tsiku lomwe mayi wina anatopa n'kuponya zake pagulu, azimayi ena anayi n'kutulukira kuti nafenso. Ine mpaka lero adimini uja sanandipepese, ndalama yanga ya mwezi umenewo ndinachita kuitsatira kunyumba kwake.