Njira yodutsa msewu uliwonse osatha mafuta

"Akuluakulu, ndapeza ganyu yogawa mapepala khomo ndi khomo pa njinga yamoto. Ndiyenera kudutsa msewu uliwonse wa m'deralo n'kubwerera padepoti, koma mafuta amandipatsa oyeza. Ndiziyenda bwanji kuti ndisamangozungulira?"

Achimwene, mwanditosa pachilonda. Ine ndinakankhapo njinga makilomita atatu mvula ili pamsana chifukwa cha nkhani yomweyi, mpaka lero ndikakumbukira mtima umawira. Ndinkagawa mabilu a kampani ina yotola zinyalala kuno ku Lilongwe. Bwana wake anatenga mapu, anawonkhetsa misewu yonse ya dera langa, inakwana makilomita 31. Ndiye akuti njinga yako imayenda 35 pa lita, tenga lita imodzi, ukhala ndi chenji. Chenji! Tsiku limenelo linali la mu Januwale, njinga inayamba kutsokomola nditangowoloka kamlatho ka kumunsi, ndinaipendeketsa kuti timafuta totsala tifike pampopi, inayenda mwina mamita 200 kenako zii. Foni ilibe mayunitsi. Mabilu 60 otsala ali m'jumbo yobooka, inki ikusungunuka, nsapato imodzi inatsalira m'matope ndinachita kuifukula ndi dzanja. Ana ali pakhonde akuseka, mayi wina anandibwereka chitenje chofunditsa mapepala, Mulungu awadalitse mayi amenewo. Ndikufika padepoti mdima utagwa, munthu uja osafunsa n'komwe ngati ndili bwino, mawu oyamba akuti "wakweza angati lero?" Pamaso pa alonda, pamaso pa mtsikana wa pakauntala. Akuti ndimachita kabaza ndi mafuta ake. Anandidula malipiro a masiku awiri, kuphatikizapo ndalama yosindikizira mabilu onyowawo. Munthu woti sanakwerepo njinga chibadwire, amangodziwa kuloza mapu ndi cholembera atakhala pansi pa fani.

Amene ananditsegula maso ndi mlamu wanga, amaphunzitsa masamu kusekondale. Nditamudandaulira anangoti jambula misewu yako papepala, mphambano iliyonse uike kadontho, ndiye uwerenge misewu imene yakumana pa kadontho kalikonse. Mfundo yake ndi iyi. Ukalowa pamphambano ndi msewu umodzi, uyenera kutuluka ndi wina. Ndiye misewu imadyedwa iwiriiwiri, wolowera ndi wotulukira. Pamphambano ya misewu 2 kapena 4 palibe vuto. Koma pamene pakumana misewu 3 kapena 5, umodzi umatsala wopanda mnzake, ndipo kuti uudutse n'kuchokapo, ufune usafune ubwereza msewu umene wadutsa kale. Tsono taganizani madera athuwa, pafupifupi mphambano iliyonse ndi ya misewu itatu, kamsewu kakang'ono kogunda mumsewu waukulu. Makilomita 31 a bwana aja akanatheka pokhapokha mphambano zonse zikanakhala za misewu 2, 4 kapena 6. Mlamu akuti zimenezi anazitulukira katswiri wa masamu Euler mu 1736 pa nkhani ya milatho 7 ya mumzinda wa Königsberg, ndipo funso lathu lenilenili, loti ngati kubwereza n'kosapeweka ubwereze pati, analifunsa katswiri wa ku China dzina lake Guan Meigu cha m'ma 1960 poganizira wogawa makalata. Ine ndinangoti kaya, bola andibwezere ndalama zanga.

Ndikupatseni chigawo chimodzi cha dera langa lija, muone mmene zimayendera. Malo ake ndi 6: depoti, chigayo, mjigo, sukulu, tchalitchi ndi msika. Kuchoka padepoti kufika pachigayo ndi mamita 400, ndipo msewu wina wochoka padepoti pomwepo wozungulira kukafika pamsika ndi 900. Chigayo kufika pamjigo 300, chigayo kufika pamsika 700. Msika kufika patchalitchi 350. Mjigo kufika patchalitchi pali kanjira kachidule ka 200. Kenako mjigo kufika pasukulu 500, sukulu kufika patchalitchi 450. Jambulani pomwe mulipo, musangowerenga. Misewu 8, yonse pamodzi mamita 3,800.

Werengani tsopano. Padepoti pakumana misewu 2, pasukulu 2, amenewo asiyeni. Pachigayo 3, pamjigo 3, pamsika 3, patchalitchi 3. Mphambano zovuta zilipo 4. Ndipo nthawi zonse zimakhala zogawika pawiri, 2, 4, 6, chifukwa msewu uliwonse uli ndi mathero awiri. Mukapeza 5 kapena 7 dziwani kuti mwaphonya msewu kapena mwawerenga wina kawiri, bwererani pamapu.

Ntchito yonse yagona pa kukwatitsa mphambano zovutazi ziwiriziwiri, ndipo njira yaifupi yolumikiza banja lililonse ndi imene mudzaidutse kawiri. Zikakhala 4, makwatitsidwe alipo atatu okha. Apa ndi pamene ine ndinagwa ngakhale mlamu atandifotokozera. Ndinaona kanjira ka 200 kaja ndinati eya, mjigo ndi tchalitchi ayandikana, awa akwatirane. Koma ukatero chigayo ndi msika atsala okha, ndipo pakati pawo ndi 700. Zonse 900. Kukwatitsa kopingasa, chigayo ndi tchalitchi kudzera pamjigo ndi 500, mjigo ndi msika kudzera patchalitchi ndi 550, zonse 1,050, n'zoipiratu. Koma chigayo ndi mjigo 300, msika ndi tchalitchi 350, zonse 650. Mwaona? Kanjira kafupi kwambiri kaja sikanalowe n'komwe mu yankho. Musathamangire banja loyandikana, onani mtengo wa mabanja onse pamodzi.

Ndiye ulendo waufupi kwambiri ndi 3,800 kuwonjezera 650, mamita 4,450. Palibe munthu angaupange kuchepera apo, kaya ndi bwana, kaya ndi mfiti. Papepala paja jambulani mzere wachiwiri pa chigayo ndi mjigo, wina pa msika ndi tchalitchi, muona mphambano zinayi zija zonse zasanduka za misewu 4. Kuyenda kwake: depoti, chigayo, mjigo, sukulu, tchalitchi, kanjira kachidule kubwerera pamjigo, chigayo kachiwiri, msewu wa 700 kutsikira pamsika, tchalitchi, kutembenuka kubwerera pamsika, kenako wa 900 kufika padepoti. Wonkhetsani nokha, ikwana 4,450 ndendende. Mayendedwe ena aliponso okwana chimodzimodzi, chachikulu n'choti mukayambira wa 400 musalowe msewu wa 900 uja musanamalize yonse, chifukwa ukakutulani kudepoti ntchito ikadalipo. Kale ine ndinkangoyenda mwa mutu wanga, kukhota pomwe mtima wakonda, ndikazindikira ndasiya msewu wa kusukulu ndili kale pamsika, n'kubwerera. Pachigawo chomwechi mita ya njinga inkandiwerengera pafupifupi 6,000.

Misewu yothera pampanda kapena pachigwembe musavutike nayo mutu. Kulowa n'kutuluka, kawiri basi. Tiyerekeze pasukulu paja pali kamsewu ka 250 kothera pageti la munthu, mungowonjezera 500 ndipo mukawerengera mphambanoyo ngati kamsewuko kulibe. Chotsani yonse yotere poyamba, mapu amachepa modabwitsa. Bwana uja dera lake linali ndi timisewu totere tosachepera 10, tonse anatiwerenga kamodzi, ngati ndikafika kumathero ndiziuluka.

Chimene chimavuta n'choti mphambano zovuta zikachuluka makwatitsidwe amaswana ngati mbewa. Zikakhala 6 alipo 15, zikakhala 8 alipo 105, zikafika 10 ndi 945. Dera langa lonse linali nazo zoposa 20, sungayese onse ndi pensulo. Tinkachita kuligawa ndi msewu waukulu ndi mtsinje, chigawo chilichonse chikhale ndi zovuta 4 kapena 6. Kugawako kumatayitsa timamita pang'ono, sikupereka yankho lenileni la dera lonse, koma kumayandikira. Pali kayeso kamodzi kothandiza kwambiri. Tengani chizungulire chilichonse pamapu anu, muwonkhetse misewu imene mwaibwereza m'chizungulirecho. Ikapitirira theka la chizungulire chonse, mwalakwitsa, sinthani: yobwerezayo musiye, mubwereze inayo. Yesani pa chigayo, mjigo, tchalitchi, msika. Chizungulire ndi 1,550, theka lake 775. Kusankha kwanga koyamba kuja kunali 900, kwapitirira. Kutembenuza kumapereka 650 uja. Komanso msewu uliwonse ukaoneka kuti mukuudutsa katatu, chilipo chalakwika, kawiri ndiye malire.

Google Maps pankhaniyi ikuthandizani kuyeza kutalika kokha, pali paja palembedwa Measure distance. Kusankha njira yodutsa msewu uliwonse siidziwa, iyo imadziwa kukuchotsa apa kukufikitsa apo. Ndipo tinjira tambiri ta m'makwalala mulibemo, kapena imaonetsa msewu pomwe anthu anamangapo kale nyumba. Ine ndinayeza ndi mita ya njinga Lamlungu lina, ndi mafuta anga, mkazi wanga akundinena.

Titawerengera dera lonse, chocheperatu chinatuluka pafupifupi makilomita 37. Ine ndinkayenda 46, ndikuvomera, 9 amenewo anali umbuli wanga. Koma 37 pa njinga ya 35 pa lita, ngakhale mngelo akanakankha. Ndinamutengera pepalalo Lolemba. Analiyang'ana mozondoka, akuti ndiye wayamba kundiphunzitsa ntchito. Ndalama zanga sanabweze. Sabata yotsatira anawonjezera theka la lita mwakachetechete ngati nzeru zake, ndipo ndinamva akuuza mnyamata watsopano za mphambano za misewu itatu, mawu anga enieni, osachita manyazi. Ndinasiya mwezi womwewo. Ndikamuona pamsewu ndi galimoto yake ndimangoyang'ana kumbali.

Tsono inu achimwene, masamuwa awerengereni koma musawapembedze. Nyengo ya mvula ine ndimalolera kubwereza 900 wa phula kusiyana ndi 650 wa matope, giya yoyamba m'matope imamwa mafuta kuposa mamita 250 amenewo, ndiye palinso tcheni ndi msana wanu. Ngati mukufuna muzilemba mphindi m'malo mwa mamita, njira yowerengera ndi yomweyo. Kukakhala misewu yolowera mbali imodzi yosakanikirana ndi yawamba, monga m'tauni, kuwerenga kwa 3 ndi 5 kuja sikukwanira, mlamu akuti pamenepo ngakhale akatswiri alibe njira yachangu yotsimikizika, muzingoyesa. Ndipo funsani kaye ngati nyumba zili mbali zonse ziwiri za msewu wodutsa magalimoto ambiri, chifukwa kuwolokawoloka ndi mapepala m'manja n'kufuna imfa, msewu wotero ingoudutsani kawiri, uku popita uku pobwera, ndipo muyambe mwaujambula kawiri musanakwatitse kalikonse. Pepala lanulo abwana anu musawaonetse. Akangoona 37 akupatsani a 37 eni eni, tsiku lomwe mlatho wadzadza madzi mudzakankha ngati ine. Auzeni 42, ndipo muziyenda ndi kabotolo ka theka la lita pansi pa mpando, kanu, kogula nokha.