Nkhani imasefedwa bwanji popanda woiletsa?

"Achimwene, mnzanga wina akuti nyuzipepala zikuluzikulu za ku America ndi ku Britain nazonso zimafalitsa pulopaganda. Komatu kumeneko boma silitseka atolankhani pakamwa. Ndiye zingatheke bwanji popanda wowalamula zolemba?"

Zikomo achemwali. Maganizo a mnzanuyo gwero lake ndi buku la Edward Herman ndi Noam Chomsky lotchedwa Manufacturing Consent, lomwe linatuluka mu 1988. Iwo sankanena kuti pali bwana amene amaimbira foni mkonzi usiku. Ankati nkhani imadutsa m'masefa asanu isanafike kwa inu, monga umachitira ufa, ndipo gaga amatsala yekha popanda womuthamangitsa. Ndikamba za atatu: mwini wake, otsatsa malonda, ndi kumene mtolankhani amatapa nkhani.

Za mwini wake sindichedwapo. Kuyambitsa nyuzipepala kapena wailesi ya kanema kumafuna chuma chambiri, ndiye eni ake amakhala anthu olemera kapena makampani okhala ndi mabizinesi enanso. Mwachitsanzo kampani ya General Electric, yomwe inkapanganso zida za nkhondo, inatenga wailesi ya kanema ya NBC mu 1986. Mwini safunika kuwerenga nkhani iliyonse. Amangosankha mkonzi woganiza ngati iye, basi.

Sefa amene ine ndimamuona kuti ndi wochenjera kwambiri ndi wa otsatsa malonda. Ndalama imene mumapereka pogula nyuzipepala siikwanira kulipira pepala, inki ndi malipiro a antchito. Yotsalayo imachokera kwa otsatsa, ndipo iwo sagula nkhani, amagula maso a owerenga amene ali ndi kanthu m'thumba. Taonani zimene zinaichitikira Daily Herald ya ku Britain, nyuzipepala ya anthu ogwira ntchito wamba. Pamene inkatsekedwa mu 1964 inali ndi owerenga oposa 4 miliyoni, kuposa The Times, Financial Times ndi Guardian kuziphatikiza pamodzi. Pa nyuzipepala 100 zilizonse zogulidwa tsiku ndi tsiku, pafupifupi 8 zinali zake, koma pa ndalama zotsatsira malonda inkalandira zosakwana 4 pa 100. Owerenga ake anali ambiri koma osauka, ndiye wogulitsa galimoto akawafunirenji? Palibe wapolisi anaitseka. Inafa ndi njala, mawu a antchito n'kuchepa pamsika wa nkhani. M'malo mwake munabadwa The Sun, imene Rupert Murdoch anadzaigula mu 1969.

Kwathu kuno zimenezi si zachilendo kwenikweni, kungoti wotsatsa wamkulu ndi boma lenilenilo. Mu 2010, nthawi ya Bingu wa Mutharika, maofesi a boma anasiya kutsatsa mu nyuzipepala za Nation chifukwa cha nkhani zodzudzula. Apo dzanja linaoneka poyera. Zimene Herman ndi Chomsky ankafotokoza n'zoti mkonzi amaphunzira yekha kupewa nkhani yothawitsa wotsatsa, dzanjalo lisanatambasulidwe n'komwe.

Sefa wachitatu amachokera pa kuchepa kwa nthawi. Mtolankhani ayenera kupereka nkhani dzuwa lisanalowe. Mneneri wa unduna kapena wa asilikali ali ndi chikalata cholembalemba, foni amayankha, ndipo ukalemba kuti "watero mneneri" palibe angakusumire. Koma mayi wa kumudzi amene walandidwa munda, uyenera kumupeza, kulipira thiransipoti, n'kutsimikizira zonse zimene wanena. Nkhani yotchipa ndiyo imapambana. Ndi mmene New York Times inalembera za zida zoopsa za ku Iraq nkhondo ya 2003 isanayambe, potsamira akuluakulu a boma ndi anthu othawa ku Iraq. Zidazo sizinapezeke, ndipo mu Meyi 2004 akonzi ake anavomera poyera kuti sanafufuze mokwanira.

Njira yawo yoyesera mungaigwiritse ntchito nokha: tengani zochitika ziwiri zofanana, china cholakwa mdani, china cholakwa bwenzi, muwerenge. Wansembe Jerzy Popiełuszko anaphedwa ndi apolisi a boma la chikomyunizimu ku Poland, mdani wa America nthawi imeneyo, mu 1984, ndipo New York Times inalemba nkhani 78. Atumiki a mpingo 100 ophedwa ku Latin America, m'maiko ogwirizana ndi America, kuphatikizapo Arkibishopu Óscar Romero wa ku El Salvador mu 1980, onse pamodzi anapeza nkhani 57.

Komabe mnzanuyo asapitirire malire. New York Times yomweyo ndi imene inasindikiza zikalata zachinsinsi za nkhondo ya ku Vietnam mu 1971, boma likukana mpaka kukhoti. Maganizo a masefawa amalongosola bwino kumene nkhani zambiri zimapendekera pa zaka zambiri, koma sangakuuzeni zimene mtolankhani mmodzi wouma mutu alembe mawa. Ndiponso analembedwa poyang'ana America ya m'ma 1980, ndalama zotsatsira malonda zisanasamukire ku Google ndi Facebook.