TDS si mapilisi atatu

"Aphunzitsi, ndalemba MSCE chaka chino ndipo ndikufuna ndidzaphunzire za mankhwala. Dzulo ndinaperekeza agogo kuchipatala, m'buku mwawo munalembedwa chonchi:

```
Amoxicillin 500mg PO TDS x 5/7
Paracetamol 1g PO TDS PRN x 3/7
```

Mankhwalawo tinakagula ku famase. Ine ndimaona ngati TDS ndi mapilisi atatu koma amokisiliniyo atipatsa makapisozi 30 akuti azimwa awiriawiri. Walakwitsa ndani? Ndipo chimenechi ndi chilankhulo chanji?" Mtsikana wa ku Area 25

Palibe walakwitsa mwana wanga, a ku famasewo awerenga bwinobwino, agogo apitirize kumwa m'mene awauziramo. Ndipo wachita bwino kufunsa chifukwa pamenepa ndi pomwe ana ambiri a chaka choyamba amagwera, kaya ndi a unamwino kaya a famase.

Zilembozo ndi Chilatini chofupikitsa. TDS imaimira ter die sumendum, kutanthauza kuti amwedwe katatu pa tsiku. Ikunena kangati, sikunena angati. Gwira pamenepo kaye. Kuchuluka kwa mankhwala omwa nthawi imodzi kuli pa 500mg paja, ndiye kuti udziwe kuti ndi mapilisi angati uyenera uyang'ane pa paketi kuti kapisozi mmodzi ndi wamphamvu bwanji. Amokisilini amabwera wa 250mg komanso wa 500mg. Ndikukhulupirira ukayang'ana pa kapepala ka agogo upeza palembedwa 250mg, ndiye kuti akwane 500mg pafunika awiri. Awiri katatu pa tsiku ndi 6. Tsopano 5/7 ija si Chilatini, ndi kalembedwe chabe ka kuchipatala, 7 wa pansiyo ndi masiku a pa sabata ndiye 5/7 ndi masiku asanu. 6 kuchulukitsa ndi 5, wapeza 30 uja. Akanakhala kuti ku famaseko anali ndi a 500mg bwenzi atakupatsani 15 okha n'kunena kuti m'modzim'modzi, ndipo zikanakhala zolondolabe. PO ndi per os, kudzera pakamwa, kusiyanitsa ndi jakisoni kapena diripi.

Katatu pa tsiku kameneka anthu amakamva molakwikanso. Wina amamwa atadya phala 7 koloko, kenako pa nsima ya masana, kenako 5 koloko madzulo, basi wamaliza, ndiye usiku onse mpaka kucha thupi lilibe mankhwala okwanira pomwe tizilombo sitikugona. Kwa mankhwala opha tizilombo ngati amokisilini umagawa maola 24 patatu, pamakhala maola 8 pakati. Agogo akamwa 6 koloko m'mawa, amwenso 2 koloko masana, omaliza cha m'ma 10 koloko usiku pogona. Akaphonya ndi ola limodzi si nkhani, koma asaunjike milingo iwiri pamodzi pofuna kubweza yomwe anaiwala. Tchera alamu pa foni yako, ndiwe nesi wawo sabata ino.

Mzere wachiwiriwo uli ndi PRN, pro re nata, ndiye kuti pakafunika. Paracetamol ameneyo, yemwe ndi panado, agogo amwe akamva kupweteka kapena thupi likatentha, ngati ali bwino asamwe, pomwe amokisilini uja alibe PRN ndiye ayenera kumaliza masiku onse asanu olo atapeza bwino tsiku lachiwiri lake. 1g ndi 1000mg, mapilisi awiri a 500mg. TDS yomwe yaima pambali pa PRN ikuika malire, asapyole katatu pa tsiku. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi choti anthu amautenga panado ngati switi, chonsecho munthu wamkulu sayenera kupyola 4g pa maola 24, mapilisi 8 amenewo, kupitirira apo amaononga chiwindi ndipo tsiku loyamba munthu amatha kuoneka bwinobwino. Mankhwala ambiri a chimfine ogula m'magolosale ali kale ndi panado mkati, ndiye uziwerenga pa paketi musanaphatikize.

Abale ake a TDS ndi ochepa, uwaloweza lero lomwe. OD ndi omni die, kamodzi pa tsiku. BD ndi bis die, kawiri, m'mawa ndi madzulo motalikirana maola 12. QDS kapena QID ndi kanayi, maola 6 aliwonse. Ena amalemba BID m'malo mwa BD ndi TID m'malo mwa TDS, tanthauzo ndi lomwelo. Nocte ndi usiku pogona, mane ndi m'mawa, stat yachokera ku statim, apatsidwe pompano kamodzi. Pa nthawi, 2/52 ndi masabata awiri poti chaka chili ndi masabata 52, ndipo 1/12 ndi mwezi umodzi, osati kubenthula pilisi ayi.

Kuloweza n'kosavuta, vuto ndi kuwerenga dzanja la munthu yemwe waona odwala kuyambira m'mawa ndipo panja mzere udakalipo. O wolemba mothamanga amafanana ndi B. Mlamu wanga ku Kawale anapatsidwa mankhwala a BP, m'buku munali OD koma amene anapereka mankhwalawo anawerenga BD n'kulemba pa kathumba kuti m'mawa limodzi madzulo limodzi. Patatha masiku angapo mayi uja akaimirira chizungulire, kugwira khoma, ife n'kumati mwina ndi malungo. Chinatitsegula maso ndi kuwerenga mapilisi. M'buku munalembedwa 1/12 ndipo m'kathumba anaikamo 30, ndiye pa kawiri pa tsiku akanatha pa masiku 15 okha. Masamu sanagwirizane, tinabwerera kukafunsa ndipo anakonza. Chizolowezi chimenechi chitenge kuyambira pano, mlingo, kangati, masiku angati, uchulukitse, uone ngati zikufanana ndi zomwe zili m'manja mwako. Zikasiyana pali pomwe palakwika.

Palinso QD yomwe mabuku a ku America amagwiritsa ntchito kunena kamodzi pa tsiku, kadontho kamodzi kokha pakati imasanduka QID, munthu n'kumwa kanayi mankhwala a kamodzi. N'chifukwa chake ophunzira amauzidwa kuti asamailembe. OD nayo pa pepala la magalasi a maso imatanthauza diso lakumanja, oculus dexter, ndiye uziona kuti pepalalo lachokera kuti. Ukakaikira chilembo chimodzi usalote, bwerera kwa amene walemba kapena funsa wa ku famase, ndipo iwe panopa usasinthe chilichonse pa mankhwala a agogo pawekha.

Za sukulu, usaope kuti ufunika kudziwa Chilatini, sachiphunzitsa ngati chilankhulo, ndi timawu towerengeka chabe tomwe mudzakumana nato koyambirira, kaya ukalowa ku Malawi College of Health Sciences konkuno ku Lilongwe kaya ku KUHeS. Chomwe chimagwetsa anthu ndi masamu a milingo, kusintha g kupita ku mg, kuwerengera mankhwala amadzi a ana mu ml. Poti ukudikira zotsatira, pempha mabuku akuchipatala akale a kunyumba kwanu kwa eni ake, tenga kope, mzere uliwonse uulembe m'Chichewa chonse ngati ukufotokozera agogo, kenako uwerengere mapilisi onse. Yamba ndi uwu: 400mg BD x 7/7, ndipo mapilisi omwe alipo ndi a 200mg. Ukapeza yankho unditumizire pamodzi ndi nthawi zomwe ungamuuze wodwalayo kuti azimwa.