Bwanji abwana akuti ndiziwerenga mapangano mokweza komanso chobwerera m'mbuyo?

*Ndangoyamba atachimenti mu ofesi ya maloya ku Blantyre. Abwana akuti chikalata chilichonse chomwe ndatayipa ndizichiwerenga mokweza, kenako kuchokera kumapeto kubwerera koyambirira. Ndikuona ngati kutaya nthawi poti kompyuta imaonetsa yokha polakwika. Zimathandizadi? Nanga amachita bwanji? Wophunzira zamalamulo, Blantyre.*

Achemwali, zimathandiza ndithu, koma muzitenge ngati ntchito ziwiri zosiyana, chifukwa chimene imagwira ina, inzakeyo sigwira.

Diso la munthu wozolowera kuwerenga siliima pa liwu lililonse. Limadumphadumpha, ndipo mutu umadzaza wokha mipata ndi zomwe ukuyembekezera kuona. Chikalata chomwe mwatayipa nokha ndiye choopsa kwambiri, popeza mumawerenga zomwe mumafuna kulemba, osati zomwe zili papepala. Kompyuta nayo imangoona ngati liwu lilipo m'chinenerocho. Liwu lolembedwa bwino koma lokhala pamalo olakwika kawirikawiri imalilola, ndipo nambala siiyang'ana n'komwe.

Tiyerekeze ndi pangano la ngongole. Wina wabwereka mnzake K2,500,000, adzabweza K250,000 mwezi uliwonse kwa miyezi khumi, chikole chake ndi galimoto. Ndaika chitsanzochi m'Chichewa, koma misampha yake ndi yomweyo m'zikalata za Chingerezi zomwe muzitayipa tsiku ndi tsiku.

Yambani mwasindikiza chikalatacho papepala, mutenge rula ndi cholembera chofiira. Ngati nthawi ilipo, chigone kaye mpaka mawa. Ngati palibe, gwirani ntchito ina kwa theka la ola. Tsekani chitseko, chifukwa nkhani za kasitomala siziyenera kumveka pa benchi ya alendo. Ikani rula pansi pa mzere woyamba kuti diso lisathamangire kutsogolo, ndipo werengani ndi mawu omveka m'makutu mwanu, pang'onopang'ono, chala chikuloza liwu lomwe mukutchula. Kunong'oneza mumtima sikuwerengedwa. Pakamwa pamayenda mochedwa kuposa diso, n'chifukwa chake khutu limamva mpata pomwe liwu lasowa kapena labwerezedwa.

Mukafika pa ndime 4 mumva mukunena kuti "wobwereketsa adzabweza ndalamazi pofika pa 30 mwezi uliwonse". Imani pomwepo. Wobweza ndi wobwereka. Mawu oyenda awiriawiri ngati amenewa, wogula ndi wogulitsa, wodandaula ndi wodandaulidwa, ndiwo amasinthana malo kawirikawiri, ndipo njira yabwino ndi kutchula dzina lenileni la munthuyo nthawi iliyonse mwakumana nawo. Mukatero mumva nokha kuti mwini ndalama ndiye akuuzidwa kubweza. Mzere womwewo uli ndi funso lina lofunika kulilemba m'mbali: nanga Febuluwale, yemwe alibe tsiku la 30?

Pa ndime 7 pali choopsa kuposa pamenepo: "wobwereka adzagulitsa galimotoyi ngongole isanathe". Kachilembo kamodzi kagwa, "sadzagulitsa" wasanduka "adzagulitsa", chiletso chasanduka lamulo. Chiganizocho chikumveka bwinobwino, choncho musangomvera kukoma kwake. Pamapeto pa ndime iliyonse dzifunseni kuti ndani akuyenera kuchita chiyani, kwa yani, liti, ndipo akuloledwa kapena akuletsedwa. Osindikiza mabuku a ku London anagwa mumsampha womwewu mu 1631, pamene anatulutsa Baibulo lomwe liwu lokaniza linasowa pa lamulo loletsa chigololo, ndipo analipitsidwa chindapusa.

Tsopano kubwerera m'mbuyo. Cholinga chake ndi kudula ulusi wa nkhani kuti mutu usathe kulosera liwu lotsatira. Pali njira ziwiri. Yoyamba, mumayamba ndi chiganizo chomaliza, kuchiwerenga mwachizolowezi, kenako cham'mwamba mwake, mpaka pamutu. Chiganizo chilichonse chimaima pachokha, ndiye muona ngati chili ndi mneni, ngati mpumiro ulipo, ngati mkutiramawu wotsegulidwa watsekedwa. Yachiwiri ndi liwu ndi liwu, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Iyi ndi yotopetsa, ndipo ine sindilangiza kuti muichite pa masamba makumi atatu onse. Isungireni malo omwe kulakwa kwa chilembo chimodzi kumawononga: mayina a anthu, manambala a chiphaso, nambala ya puloti, ya galimoto, ya mlandu, madeti ndi ndalama. Onjezaniponso mitu ya ndime, chikuto ndi malo osayinira, pakuti zilembo zikuluzikulu anthu amazikhulupirira osaziyang'ana.

Nambala muziitchula imodziimodzi. Pa ndime 3 pomwe payenera kukhala K250,000 palembedwa K25,000. Diso likaona 25 ndi maziro limakhutira. Koma mukayamba kumanja n'kunena kuti ziro, ziro, ziro, mpatuliro, faifi, thuu, mupeza kuti ziro mmodzi palibe. Kenako chitani masamu: K25,000 kwa miyezi khumi ndi K250,000 basi, kutalitali ndi ngongole yonse. Izi si nthano. Mu 1986, ku America, chikalata cha chikole cha sitima zapamadzi za United States Lines kwa kampani ya Prudential chinalembedwa madola 92,885 m'malo mwa 92,885,000, ndipo maziro atatuwo anakathera m'khoti. Pomwe ndalama yalembedwa m'mawu ndi m'manambala, fananitsani ziwirizo. Zikasiyana, kawirikawiri mawu ndiwo amatsatidwa, monga zimakhalira pa cheke.

Dziwani malire ake. Kuwerenga liwu ndi liwu chobwerera sikungagwire "adzagulitsa" uja, chifukwa payekha ndi liwu labwinobwino. Ndipo njira zonse ziwiri sizingakuuzeni kuti nambala ya galimoto ndi yabodza ngati munaikopera molakwika poyamba. Apa pamafunika mnzanu: iye agwire bulubuku, chiphaso cha nzika kapena kalata ya malangizo a kasitomala, inu muziwerenga zomwe mwatayipa, dzina chilembo ndi chilembo. Dzina lilembedwe monga liliri pa chiphaso, osati monga mumalimvera. Chimwemwe ndi Chimwenwe kwa banki ndi anthu awiri.

Chotsala ndi ndime zolozerana. Ngati ndime 9 ikuti "malinga ndi ndime 6", tsegulani ndime 6 muone ngati ikukambadi zimenezo, chifukwa abwana akalowetsa ndime yatsopano pakati manambala onse amasuntha. Pa kompyuta, `Ctrl+F` ikuthandizani kupeza malo onse olozera ndime, komanso dzina la kasitomala wakale lomwe limatsalira mukagwiritsa ntchito pangano lakale ngati chikombole.

Powerenga musamakonze, ingozunguzani ndi chofiira n'kupitirira, ndipo muzipuma pakatha mphindi makumi awiri kapena atatu, diso likatopa limayambanso kudumpha. Chilembo cholakwika konzani nokha. Koma chilichonse chosintha tanthauzo, monga deti, ndalama, chiletso, ngakhale mpatuliro wooneka wosafunika, chisonyezeni kwa loya mwini chikalata. Mukakonza, sindikizaninso, muwerenge mokweza ndime yokonzedwayo pamodzi ndi yam'mwamba ndi yam'munsi mwake, poti pokonza pamabadwa zolakwa zatsopano. Zonsezi zithe anthu asanasayine. Akasayina kale, simungangosintha tsamba mwakachetechete: onse a m'panganolo ayenera kuvomereza ndi kusayinira pambali pa chosinthidwacho, ndipo ngati ndi chikalata cholumbirira, nkhani imabwereranso kwa wolumbiritsa uja.