Chiopsezo pa geni yodutsa pa boda: china mumachithawa, china mumachisenza

"Asisi, ndasonkhanitsa kampamba ndipo ndikufuna ndiyambe kukapikula katundu kunja ngati inuyo, koma mantha ndi amene andigwira. Ndimamva za kulandidwa katundu pa boda, kuberedwa m'njira, mathiraki kugwa. Inu mumatani kuti mpamba usathe?"

Mchemwali wanga, manthawo musawataye, muwagwiritse ntchito. Ine ndisananyamuke ndimatenga pepala n'kulemba chilichonse chimene chingalakwike pa ulendowo, kenako chilichonse ndimachifunsa mafunso awiri basi: kodi chimachitika kangati, ndipo chikachitika chindidyera zingati pa mpamba? Yankho lake ndi limene limandiuza chochita, ndipo zochita zake zilipo zinayi zokha, kuchipewa, kuchisenzetsa wina, kuchichepetsa mphamvu kapena kungochilolera. Palibe yaulere pa zinayizi, iliyonse imakudyani penapake, nkhani ndi kusankha poti mudyedwe.

Kupewa ndi kwa zinthu zimene zikakugwerani kamodzi kokha geni yathera pompo. Mafuta oyeretsa khungu aja, amayenda mwachangu ndipo phindu lake ndi lokoma zedi, ine anandikopapo kangapo, koma ambiri mwa iwo amakhala ndi mankhwala amene mayiko ambiri analetsa, ndiye akakupezani nawo pa boda si nkhani yolipira msonkho ayi, amalanda onse, chindapusa pamwamba, ndipo dzina lanu likalowa m'kompyuta mwawo ulendo uliwonse azikutsegulitsani katoni iliyonse mpaka basi kukusiyani. Pamenepo palibe kulongedza bwino kumene kungakuthandizeni, inshulansinso sigwira katundu woletsedwa. Ndiye sindigula, basi. Phindu lija ndalisiya dala, ndiwo mtengo wa kupewa. Chimodzimodzi phukusi lomata la munthu, "asisi tandinyamulireniko aka mukapereke kwa mlamu wanga", ngati sanditsegulira ndione ndi maso anga sindilandira, olo akhale wa kutchalitchi kwathu, poti chopezeka m'chikwama changa ndi changa pamaso pa lamulo. Koma samalani, mukayamba kupewa chilichonse mungokhala pakhomo ndi mpamba wanu uli m'thumba ukutha mphamvu.

Tsopano kusenzetsa wina, apa ndiye ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene ndinapsa. Pali ngozi zina sizichitika kawirikawiri koma zikachitika zimakusesani, monga thiraki kugubuduzika, moto, kapena achifwamba kutenga katundu yense. Simungazipewe pokhapokha mutasiya geni, ndiye mumalipira kandalama kochepa kuti ikagwa ngoziyo wina ndi amene alipire, ndiyo inshulansi ya katundu wa paulendo. Anthu ambiri amaganiza kuti akapereka katundu kwa thiransipota ndiye kuti chiopsezo chasamuka, ayi ndithu, tembenuzani lisiti lija muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kuseri, nthawi zambiri timanena kuti katundu akuyenda pa chiopsezo cha mwini wake, kapena kuti akasowa adzakubwezerani kandalama kongoyerekeza ndi kulemera kwa katoni osati mtengo wa zimene zili mkatimo. Katoni ya mafoni ndi katoni ya masokisi kwa iwo n'chimodzimodzi.

Zimene zinandichitikira ine ndi izi. Ndinali ndi makatoni 20 a nsapato, tingoti mtengo wake wonse unali 100 kuti masamu asavute. Ejenti wina anandinyengerera kuti tilembe invoisi yotsika, 60, kuti msonkho uchepe, ine n'kuona ngati nzeru, ndipo pokagula inshulansi ndinapereka invoisi yomweyo poti ndi pepala lokhalo limene ndinali nalo. Thiraki inagwera m'mbali mwa msewu kukugwa mvula, makatoni 10 anaphwanyika n'kulowa matope, ndiye kuti theka la katundu, 50, lapita. Ine mumtima ndimati palibe vuto, ndinalembetsa 60 ndipo ndaluza 50, abweza zonse. Munthu wa inshulansi wowerengera zowonongeka atabwera anatsegula makatoni otsala, kuyang'ana mtundu wa nsapato, n'kunena kuti katundu uyu ndi wa 100 osati 60, ndiye poti munatchinjiriza magawo 60 okha pa 100, ifenso tilipira magawo 60 pa 100 a zimene mwaluza. 50 ija inasanduka 30. Kenako anachotsa ekisesi, kandalama kamene pa ngozi iliyonse mwini katundu amayamba wasenza yekha, yanga inali 5. Ndinalandira 25 pa 50, patapitanso miyezi, ndipo ndinachita mwayi chifukwa akanatha kukana zonse ponena kuti ndinawanamiza, osanenanso za a msonkho akanamva. Ndalama imene ndinapulumutsa pa msonkho sinafike n'komwe pa 25 imene inapita ija.

Ndiye mukamagula inshulansi funsani zinthu izi musanasaine: ikuyambira pati ndipo ikuthera pati, poti ina imathera pa depoti pomwe katundu amabedwa kwambiri potsitsa ndi popita kunyumba, ikugwira kuba ndi kunyowa kapena ngozi ya galimoto yokha, ekisesi ndi zingati, ndipo mukuyenera kuwadziwitsa pasanathe masiku angati. Ikachitika ngozi jambulani zithunzi musanasunthe kanthu, tengani lipoti la apolisi, ndipo pa pepala lolandirira katundu musasaine kuti wafika bwino musanawerenge, lembani pomwepo kuti makatoni akuti afika ophwanyika. Mukasaina mwachangu chifukwa dalaivala akukuthamangitsani mwadzitsekera nokha chitseko. Tsiku lina mukadzakula n'kumaitanitsa pa sitima mudzaona pa invoisi palembedwa FOB, pamene mayendedwe a pa sitima mumalipira nokha, kapena CIF, dziwani kuti ngakhale pa CIF pamene wogulitsa amalipira mayendedwe ndi inshulansi, chiopsezo chimakhala chanu kuyambira pamene katundu wakwezedwa m'sitima, ndiye wothamanga ndi mapepala kukapempha chipukuta misozi ndinu, ndipo inshulansi imene iye amakakamizidwa kugula ndi yotsikitsitsa ija.

Kuchepetsa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndi ya zinthu zimene zimachitikachitika ndipo simungazithetse koma mungazifooketse. Pali mbali ziwiri, kuchepetsa mpata woti zichitike ndi kuchepetsa ululu zikachitika. Chiyambire ngozi ija sindikwezanso katundu yense pa galimoto imodzi, makatoni 20 ndimagawa 10 lero 10 mawa ndi thiransipota wina, zimandidyera zambiri pang'ono komanso ndimadikira kawiri, koma imodzi ikagwa theka lilipo ndipo makasitomala sathawa. Mkati mwa katoni iliyonse ndimayamba ndayala pulasitiki wokhuthala, kunja ndimamata ndi tepi ya mtundu wanga n'kusaina modutsa pa tepiyo kuti wina akatsegula n'kumatanso ndidziwe, ndipo ndimalemba 1/10, 2/10 mpaka 10/10, osalemba zimene zili mkati. Ndalama zopikulira siziyenda malo amodzi, zina pa khadi zina pathupi. Wogulitsa watsopano sindimupatsa oda yaikulu ulendo woyamba, ndimatenga katoni imodzi kaye, ndipo ndimatsegula ya pansi osati imene iye wandisankhira, poti zabwino amaziika pamwamba ndipo pansi mumapeza nsapato za phazi limodzi.

Reti nayo ndi mdani wosaoneka. Mumagula ndi ndalama yakunja, mumagulitsa ndi yakwanu, ndipo yakwanu ikagwa katundu ali pa shelefu mumaona ngati mwapindula koma mukapita kukapikulanso mupeza kuti ndalama yonse, phindu lomwe, ikugula makatoni 17 pomwe munali ndi 20. Ine ndimaika mtengo poyang'ana zimene ndidzalipire pokagulanso osati zimene ndinalipira, ngongole kwa makasitomala sindilola ipitirire milungu iwiri, ndipo ndalama ikakwana ya oda sindiigoneka. Sizithetsa vutolo, zimangolichepetsa.

Chotsala ndi kulolera, ndipo anthu amasokoneza kulolera ndi kusasamala. Ndikatenga makapu agalasi ndimadziwa kuti pa 100 alionse awiri kapena atatu afika osweka olo ndikulunge bwanji. Kugula inshulansi ya makapu atatu n'kupusa chifukwa mtengo wa makapuwo sufika n'komwe pa ekisesi, kugula zokulungira zodula kungandidyere kuposa makapuwo, kusiya makapu ndiye kusiya phindu labwino. Ndiye ndimangovomera, koma ndimagawa mtengo wa makapu 100 pa makapu 97, osweka aja amalipiridwa ndi amoyo. Kugona pa boda chifukwa netiweki yawo yagwa kapena mzere ndi wautali nakonso ndimalolera, sindingakusinthe, ndimangonyamula ya malo ogona ndi ya chakudya ya tsiku limodzi loonjezera ndipo kasitomala sindimulonjeza tsiku lenileni, ndimati sabata ino. Pa phindu la ulendo uliwonse ndimapatula gawo limodzi pa magawo 10 kuika padera, ndiyo imalipira ekisesi, makapu osweka ndi masiku otayika aja, ndipo siyogulira katundu olo mtengo utsike bwanji.

Koma chimene munalolera chaka chatha muzichiyang'ananso. Ulendo wina makapu osweka anakwera kufika 9, wotsatira 11, ndinadziwa kuti apa sipolekereranso, nditafufuza ndinapeza kuti anyamata okweza katundu ayamba kuika makatoni anga pansi n'kusanjika mabelo pamwamba. Ndinayamba kuimirira pomwepo pokweza n'kuwapatsa kangachepe kuti anga azikhala pamwamba, chiopsezo chija chinachoka pa kulolera kupita pa kuchepetsa, ndipo akanapitirira kusweka ndikanangowasiya makapuwo.

Inuyo poti mukuyamba kumene ndipo mpamba ndi umodzi womwewo, malire anu olekerera ndi aafupi kuposa anga, chimene ine ndingachiseke inu chikhoza kukugwetsani. Ulendo woyamba musatenge mpamba wonse, siyani gawo lokwanira kuyambiranso, sankhani katundu wosasweka, wosaola, wosafuna chilolezo chapadera, ndipo musananyamuke pitani ku ofesi ya msonkho mukafunse nokha kuti katundu ameneyo amalipira bwanji, osadalira za m'basi. Mukalemba pepala lanu lija munditumizire tilione limodzi, mundiuzenso katundu amene mukuganiza kuyamba naye.