Kalata yokumbutsa ngongole kwa eni sukulu: mwezi wa Ogasiti muusiye wopanda kanthu

Mayi wina wamalonda wafunsa mu gulu lathu kuti: "Abale ndithandizeni. Ndimaperekera ufa ndi nyemba kusukulu ina yapulayiveti yogonera konkuno ku Mulanje. Invoisi ya pa 10 Febuluwale inali ya K1,860,000, anandipatsako K400,000 basi, pano Meyi uno ali pakati. Ndikaimba foni amangoti mawa, mawa. Sindikufuna kudana nawo poti ndi kasitomala wanga wamkulu. Ndilembe kalata yotani yaulemu, yowauza kuti azilipira pang'onopang'ono?"

Mayi, kalatayo ndikulemberani m'munsimu, koma musanagwire cholembera yambani mwafunsa kuti ndalama imalowa liti m'thumba la sukuluyo. Ambiri mu gulu muno akuuzani kuti gawani K1,460,000 yotsalayo pa miyezi isanu, mwezi uliwonse K292,000. Masamu ake ngoona, koma sukulu sipeza ndalama mofanana mwezi ndi mwezi. Fizi imalowa yambiri teremu ikamatsegulira, mu Sepitembala, mu Januwale ndi chakumapeto kwa Epulo kulowa Meyi. Pakati pa teremu imangodontha kuchokera kwa makolo otsalira. Mu Ogasiti ana ali kwawo, palibe kholo lolipira, koma aphunzitsi, alonda ndi ophika akuyembekezerabe malipiro. Mukawalembera K292,000 ya pa 31 Ogasiti, asayina lero kuti muchoke pakhomo, tsikulo likadzafika adzalephera, ndipo munthu akalephera kamodzi manyazi amamugwira, foni yanu amayamba kuithawa. Pamenepo pangano lonse lafa.

Ndiye ine ndikanagawa motere: K260,000 pofika pa 30 Meyi, fizi ya teremu ino isanathere kwina; K150,000 kumapeto kwa Juni ndi K150,000 ina kumapeto kwa Julayi, chifukwa miyezi imeneyo ngowonda; Ogasiti osapempha kanthu; K600,000 pa 30 Sepitembala, chaka cha sukulu chitayamba ndipo a Fomu 1 atsopano atalipira; K300,000 yomaliza pa 31 Okutobala. Mukawerengera zikukwana K1,460,000 ndendende.

Gawo loyambalo ndilo lofunika kuposa onse. Liyenera kubwera msanga, pasanathe milungu iwiri kalata italandiridwa, ndipo lisakhale laling'ono ngati la chipepeso. Munthu wofunadi kubweza koma wapanikizika amayesetsa kupeza gawo loyamba, kapena amakuyankhani kuti "K260,000 sinditha, koma K180,000 ndipereka Lachisanu." Amene akutsika nanu pa nambala chonchi ali ndi mtima wolipira, kambiranani naye. Amene akuvomera chilichonse mosaganiza, "zonse zili bwino mayi, musadandaule," koma osatchula tsiku, ameneyo ndiye muchenjere naye.

China, musanatumize, tsimikizani kuti nambala yanu ndi yawo zikugwirizana. Sonkhanitsani kope ya invoisi, timapepala tomwe anasayina polandira matumba, ndi risiti ya K400,000 ija. Ngongole zambiri zimachedwa chifukwa cha kamkangano komwe sikanatchulidwe: mwina ophika anadandaula kuti matumba awiri a nyemba anali ofumbwa, kapena kuti matumba ena sanakwane makilogalamu 50, ndipo eni sukulu anangosunga mumtima n'kumachedwetsa dala. N'chifukwa chake m'kalatamo muli chiganizo chowapempha kuti ngati pali chomwe sakugwirizana nacho anene. Onaninso ngati pa malipiro oyamba aja sanaduleko msonkho wa MRA womwe mabungwe ena amadula asanalipire operekera katundu. Ngati anadula, m'mabuku mwawo ngongole ioneka yocheperapo kusiyana ndi m'mabuku mwanu, ndipo muyenera kuwapempha satifiketi yosonyeza ndalama yodulidwayo.

Kalata ipite kwa amene amasayina ndalama kubanki. Pasukulu zapulayiveti nthawi zambiri ameneyo ndi mwini wake, osati ahedi. Ahedi akhoza kukumverani chisoni tsiku lonse koma alibe mphamvu pa akaunti.

Nayi kalatayo. Pamwamba lembani dzina la bizinesi yanu, keyala ndi tsiku.

Kwa Eni Sukulu,

Okondeka Bambo,

NDALAMA YOTSALA PA INVOISI YA PA 10 FEBULUWALE: K1,460,000

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi aphunzitsi ndi ana onse. Ndikuthokoza kuti mwakhala mukugula ufa ndi nyemba kwa ine, ndipo ndikufuna kuti ubale umenewu upitirire.

Ndalemba kukukumbutsani za invoisi ya pa 10 Febuluwale, ya ndalama zokwana K1,860,000. Pa ndalamayi ndinalandira K400,000, ndipo yotsala ndi K1,460,000. Ndaphatikiza kope ya invoisiyo, mapepala olandirira katundu ndi risiti. Ngati m'mabuku mwanu muli zosiyana ndi izi, kapena panali vuto ndi katundu amene ndinabweretsa, chonde ndidziwitseni pasanafike pa 23 Meyi kuti tikonze limodzi.

Ndikudziwa kuti ndalama ya sukulu imalowa motsatira materemu, choncho sindikupempha yonse nthawi imodzi. Ndikupempha kuti tigwirizane motere:

Pofika pa 30 Meyi: K260,000
Pofika pa 30 Juni: K150,000
Pofika pa 31 Julayi: K150,000
Ogasiti: palibe
Pofika pa 30 Sepitembala: K600,000
Pofika pa 31 Okutobala: K300,000

Sindiwonjezerapo chiwongoladzanja chilichonse masiku amenewa akasungidwa. Ndalama izilowa ku akaunti ya bizinesi yomwe yalembedwa pa invoisi, ndipo gawo lililonse ndizikupatsani risiti yosonyeza yotsala. Ngati gawo lina lichedwa kupitirira masiku 7 popanda kugwirizana kwina kolembedwa, ndalama yonse yotsala idzafunika nthawi imodzi.

Pamene tikumaliza ngongoleyi, ndipitiriza kukubweretserani katundu, koma watsopanoyo azilipiridwa tsiku lomwe wafika.

Ngati masiku kapena magawowa sakukuyenerani, ndiuzeni omwe mungakwanitse ndipo tikambirana. Ngati mwavomera, sayinani m'munsimu pa makope onse awiri, imodzi musunge, ina mundibwezere pasanafike pa 23 Meyi.

Ine wanu,
(dzina lanu ndi siginecha)

Ndikuvomera kuti sukulu ili ndi ngongole ya K1,460,000 ndipo idzalipira monga zalembedwa pamwambapa.
Dzina, udindo, siginecha, tsiku ndi chidindo cha sukulu.

Muona kuti m'kalatamo mulibe mawu oti "mwakhala mukundinamiza" kapena kuwerenga maulendo omwe munaimba foni. Mulibenso zoti ana anu abwezedwa kusukulu kapena kuti muli ndi ngongole kubanki mkhonde, ngakhale zitakhala zoona. Mavuto anu mukawalemba, nawonso akuwerengerani awo, kalata yasanduka mpikisano wa amene akuvutika kwambiri. Ulemu wa kalata yotere uli pa kusamunyoza munthu ndi kumupatsa mpata woyankha. Pa nambala ndi pa masiku musafewe ayi. Mawu ngati "mukapeza" kapena "posachedwapa" asapezekemo.

Timizere ta pansi tija, tosayinapo eni sukulu, ndito tikutetezani. Pakali pano chomwe muli nacho ndi invoisi yolemba inu nokha ndi mapepala omwe mwina anasayina wosunga sitolo ya sukulu. Akasayina mwini wake kuti ngongole ndi yakutiyakuti, n'kudinda, nkhani yoti "sitikudziwa, analandira ndi wophika amene anachoka ntchito" yatha. Zikadzafika kwa majisitireti ku boma, pepala limenelo ndi umboni wolimba kuposa mauthenga makumi a pa WhatsApp. Pa chifukwa chomwechi kalatayo mupite nayo pamanja, ndipo pa kope yanu wina wa mu ofesi alembe kuti walandira, ndi tsiku. Chithunzi chake mutha kuwatumizira pafoni pambuyo pake. Musaipereke pamaso pa makolo kapena aphunzitsi. Ikani mu envulopu, pemphani kuonana nawo panokha.

Za chiwongoladzanja, ndikudziwa ena mu gulu muno anena kuti onjezanipo, poti ndalama yathu sikhalitsa mphamvu. N'zoona: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atakongoza anthu katundu anaona okha kuti ndalama yomwe anabwezeredwa sinagulenso matumba omwe anakongoza. Koma ngati pa invoisi kapena pa mgwirizano woyamba simunalembe kuti wochedwa adzalipira chiwongoladzanja, kuchitulutsa lero ndi kuwapatsa chifukwa chokanira zonse. Njira yodzitetezera ndi kufupikitsa nthawi. N'chifukwa chake dongosololi likuthera mu Okutobala, osadikira fizi ya Januwale. Pa mainvoisi a m'tsogolo ndiye lembanipo masiku olipirira ndi zomwe zidzachitike akapitirira.

Pomwe amalonda ambiri amagwera ndi pa katundu watsopano. Sukulu ikupatsani K260,000 pa 30 Meyi, mawa lake n'kuitanitsa ufa wa K500,000 pa ngongole. Inu mukusangalala kuti ayamba kulipira, chonsecho ngongole yakwera kuchoka pa K1,460,000 kufika pa K1,700,000. Ndiye chiganizo cha katundu watsopano chija musachichotse, ngakhale achonderere. Ngati sangathe kugula matumba a teremu yonse ndi ndalama pamanja, muziwabweretsera a mlungu umodzi umodzi, akulipira. Ndipo ndalama iliyonse ikalowa, lembani pa risiti ngati ili ya ngongole yakale kapena ya katundu wa lero, apo ayi pofika Julayi nonse mudzasokonezeka. Akakonda kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, gwirizanani nambala imodzi yokha yolembedwa m'kalata, komanso kuti ndalama yotapira alipira ndani. Mnyamata wokuperekerani katundu asalandire ndalama ya ngongoleyi pamanja.

Likadutsa tsiku la 23 Meyi osayankhidwa, imbani kamodzi kufunsa ngati aiwerenga. Pa gawo lililonse, tumizani uthenga waufupi masiku atatu lisanafike tsiku, osati litadutsa. Akaphonya n'kupitirira masiku 7 aja, lembani kalata yachiwiri, yaifupi, yonena kuti ndalama yonse yotsala ikufunika pasanathe masiku 14 ndipo mukapanda kuilandira mukasuma kukhoti. Imeneyo muilembe pokhapokha mwakonzekadi kupita. Kupolisi musataye nthawi, ngongole ya malonda si mlandu woti munthu amangidwe nawo, akakuuzani kuti pitani kukhoti. Musatenge katundu wa sukulu ngati chikole mwa inu nokha, ndipo dzina la sukuluyo musalitchule muno mu gulu kapena pa sitetasi. Kwathu kuno kuyambira pa Chitakale mpaka ku Limbuli anthu amadziwana, nkhani ikafika kwa eni ake tsiku lomwelo, mwinanso iwo n'kukusumirani kuti mwawaipitsira mbiri.

Ngati masiku a teremu pasukulu yanuyo akusiyana ndi omwe ndatchulawa, funsani kholo lililonse lomwe lili ndi mwana pamenepo kuti fizi amaikakamiza mlungu uti, ndipo magawo akuluakuluwo muwaike patangopita mlungu umodzi kapena iwiri kuchokera pamenepo.