Sikuta ikunjenjemera ponyamuka, kenako ikungolira osathamanga

"Sikuta yanga ndi ya injini ya GY6 150, yayenda makilomita 18,000. Ndikamanyamuka imanjenjemera n'kumachoka mwaulesi. Ikagwira msewu injini imalira kwambiri koma liwiro limathera pa 70, pomwe kale inkafika 90. Kabuleta tatsuka kawiri, palibe chasintha. Vuto n'chiyani?"

Achimwene, kabuletayo isiyeni kaye. Matenda ali pawiri, ndipo onse ali m'kati mwa chivundikiro cha lamba kumanzereko. Khutu lanu lawasiyanitsa kale: poyamba injini ikulemedwa, kenako ikulira mopitirira. Kawirikawiri chinthu chimodzi sichichita zonse ziwirizi.

Tiyambe ndi ponyamuka. Kilachi ili kumbuyo, ndipo ili ndi nsapato zitatu zokokedwa ndi timasipuling'i titatu. Ntchito ya timasipuling'iti n'kuletsa nsapato kutambasuka mpaka injini itazungulira mokwanira kukhala ndi mphamvu. Timasipuling'iti tikatopa ndi kutentha, nsapato zimagwira mbale ya kilachi msanga, injini isanadzuke. Zikatero zimagwira, kutaya, kugwiranso, ndipo kunjenjemera mukumvako n'kumeneko. Poyesa, ikani sikuta pa sitandi yapakati, muilize osapatsa moto. Tayala lakumbuyo kuzungulira pang'onopang'ono si mlandu, bola liime mukagwira buleki injini osasintha kalilidwe. Koma likamakoka mwamphamvu, kapena injini ikamafuna kuzima mukagwira buleki, kilachi ikugwira nthawi isanakwane. Onetsetsani kaye kuti injiniyo sinaikidwe kulira mokwera ikakhala chiimire, chifukwa nazonso zimapusitsa chimodzimodzi.

Tsopano za liwiro lotayikalo. Kutsogolo kuli variyeta, ndipo m'kati mwake muli marola asanu ndi limodzi a mamilimita 18 kunenepa ndi 14 kutalika, lililonse lolemera magalamu 13 kapena 14. Injini ikamathamanga, marolawa amaponyedwera kunja m'tinjira tawo totsetsereka, n'kukankha mbale kuti ipanikize lamba akwere m'mwamba. Lamba kukwera ndiye giya yaikulu. Rola likatha silikutha mofanana ponseponse, limaphwatalala mbali imodzi. Pamenepo limaleka kugubuduzika n'kuyamba kukhuluzika, nthawi zina kukakamira panjira kenako kulumpha. N'chifukwa chake liwiro limabwera modukizadukiza. Komanso rola lochepa thupi silikankha mbale mpaka kumapeto, ndiye lamba amathera pakati. Zili ngati kuyenda mtunda wonse osalowetsa giya yomaliza: phokoso lambiri, mafuta akupita, 90 osaoneka.

Umboni wake ndi wosavuta. Tsegulani chivundikiro, mujambule mzere ndi maka pankhope ya variyeta kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Tsekani, yendani mpaka liwiro lonse, mutsegulenso. Lamba amafufuta inki paliponse wafika. Pakatsala kamzere kochepa m'mphepete zili bwino, koma pakatsala inki ya sentimita yathunthu, lamba sakukwera.

Apa musafulumire kuweruza marola okha. Lamba wa sikuta imeneyi amakhala wa mamilimita 20 m'lifupi akadali watsopano, ndipo akatsika kufika 19 amachita zomwezi. Pa makilomita 18,000 n'zotheka kuti onse atopera limodzi, choncho muyezeni.

Pomasula, nati ya variyeta ndi ya sipanala 17, ndipo mbale muigwire ndi chida chake, osati kupanikiza sikuludiraiva m'zipsepse, zimathyoka. Potulutsa variyeta gwirani ndi zala kumbuyo kuti marola asamwazike. Ligubuduzeni lililonse patebulo losalala: labwino limapita myaa, lakutha limadumphadumpha n'kuima pambali yophwatalalayo. Rola lotsika kufika mamilimita 17.4 latha ntchito. Sinthani onse asanu ndi limodzi nthawi imodzi, a kulemera kofanana ndi oyambawo, pamodzi ndi timapulasitiki titatu totsogolera mbale yakumbuyo. Tsukani fumbi lakuda m'tinjiramo, ndipo musapake girizi. Variyeta ya mtundu uwu imayenda youma, girizi akangofika pa lamba ndiye mwadzipalira lina.

Kukilachi samalani kwambiri. Nati yaikulu yomanga kilachi yapanikiza sipuling'i yaikulu, ndiye pomalizitsa kumasula pondani kilachi ndi mapazi onse awiri, apo ayi idzakulumphirani kumaso. Sipuling'i imeneyi nayonso ikafooka, lamba amakwera giya yaikulu msanga ndipo sikuta imalephera pachitunda. Iyezeni kutalika molingana ndi buku la sikuta yanu. Nsapato zikakhala zonyezimira ngati galasi, zipaleni pang'ono ndi sandipepa. Mbale ikasanduka yabuluu m'kati, inapsa, ndipo timasipuling'i tatsopano tokha sitingathetse kunjenjemera.

Pogula adzakuonetsani timasipuling'i tolimba ta mpikisano. Pa sikuta yoyendera tsiku ndi tsiku ine sinditilimbikitsa: injini imayamba yakuwa isanasunthe, kilachi imatentha mukamaimaima pafupipafupi, mafutanso amatha msanga. Bwezerani ta mphamvu ya kufakitale. Ndipo ngati n'kotheka sinthani marola kaye, muyende, kenako mugwire kilachi, kuti mudziwe chimene chachiza chiyani.